Mafunso ndi Mayankho a Mtima Wotsekeka Mtsempha: kwa Amalawi a ku Joni

Pepalali talemba ife anamwino a Chimalawi ogwira ntchito kuno ku Johannesburg, poyankha zomwe mumatifunsa mukaweruka kutchalitchi ndi kumzikiti ku Turffontein, Yeoville ndi Mayfair.

Kodi chimachitika n'chiyani kwenikweni?

Mtima ndi mnofu, ndipo uli ndi mitsempha yakeyake youpatsa magazi. Mafuta amaundana m'kati mwa mitsemphayi kwa zaka zambiri. Tsiku lina choundanacho chimang'ambika, magazi n'kugwirana pamenepo, njira n'kutsekeka. Pakangopita mphindi 20 mpaka 30 mnofu wosowa magaziwo umayamba kufa, ndipo wafawo suphukanso.

Si matenda a madala awa?

Ayi. Ukalamba umawonjezeradi chiopsezo, koma a zaka 35 kapena 40 amagwidwanso, makamaka osuta fodya, a shuga, a bipi, ndi omwe bambo kapena mchimwene wawo anadwala mtima asanafike zaka 55, kapena mayi asanafike 65. Kachilombo koyambitsa Edzi nakonso kamakweza chiopsezo. Mankhwala otalikitsa moyo musasiye, koma pemphani kuti azikuyezani bipi ndi mafuta a m'magazi.

Nanga amayi?

Apa mpamene tikutaya anthu. Mayi akasiya kusamba chiopsezo chimakwera, ndipo amene anakwera bipi kapena shuga ali oyembekezera ayenera kusamala ngakhale mwanayo atakula. Amayi ambiri amamva kupweteka pachifuwa monga abambo, koma ena amangobanika, kuchita nseru, kutopa kosadziwika bwino, kapena kumva kuwawa kumsana pakati pa mapewa, pakhosi ndi m'nsagwada. Mayi wogwira ntchito yam'nyumba amati ndatopa ndi kusita, n'kumwa panado, n'kugona. Kutopa kobwera ndi thukuta lozizira si kwa kusita.

Ine ndine woonda, ndiye ndili pabwino?

Sikelo siona m'mitsempha. Woonda wosuta, kapena wobadwa ndi mafuta ambiri a m'magazi, ali pangozi kuposa wonenepa yemwe zonse zili bwino. Yezani mimba ndi tepi pamchombo: masentimita opitirira 94 kwa bambo, 80 kwa mayi, ndi chenjezo.

Bipi ikakwera ndimamva mutu, ndiye ndimadziwa.

Ambiri samva kanthu. Bipi yofika 140/90 kapena kupitirira poyeza masiku osiyanasiyana ndi yokwera. Mapiritsi ake ndi a tsiku lililonse. Ikatsika ndiye kuti akugwira ntchito, osati mwachira. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa mu poloni, supu wa m'mapaketi ndi timabuloko tokometsera ndiwo.

Munthu amagwa pansi atagwira pachifuwa, eti?

Osati nthawi zonse. Kawirikawiri amamva kulemera kapena kufinyidwa pakati pa chifuwa, ngati wina wakhalapo, ululu n'kumatsikira kumkono. Ena amayesa chilungulira. A shuga mwina samva ululu n'komwe, amangochita befu.

Tichite chiyani?

Ululu ukapitirira mphindi 5, kapena ukamapita n'kubwera, imbani 112 pafoni yam'manja kapena 10177. Nenani dzina la msewu, nambala ya nyumba ndi ya chipinda, ndipo wina adikire pageti. Wodwalayo akhale pansi atatsamira khoma, asayende, asadziyendetse pagalimoto. Atafune asipirini wa mamiligalamu 300, koma asatafune ngati asipirini amamuwenga, akutaya magazi, kapena ali ndi zilonda zam'mimba. Lembani nthawi imene ululu unayamba. Adokotala adzaifunsa posankha kubaya mankhwala osungunula magazi ogwiranawo kapena kutsegula mtsempha ndi kachubu.

Akakomoka n'kusiya kupuma bwino, mugonekeni chagada pansi polimba, ikani manja awiri pakati pa chifuwa, sindikizani mozama masentimita 5 mpaka 6, maulendo 100 mpaka 120 pamphindi, osalekeza mpaka ambulansi ifike.

Akuti kukhosomola mwamphamvu kapena madzi a adyo kumathandiza?

Bodza, kumangodya nthawi. Pemphero pempherani ndithu, koma mutaimba kale foni.

Ndilibe mapepala. Andilandira?

Gawo 27(3) la malamulo aakulu a South Africa likuti palibe munthu woyenera kukanizidwa chithandizo chamwadzidzidzi. Za ndalama zimatha kubwera pambuyo pake. Zipatala zazikulu za boma ndi Charlotte Maxeke ku Parktown, Helen Joseph ku Auckland Park ndi Chris Hani Baragwanath ku Soweto. Tengani pasipoti ngati ilipo, ndi mapaketi a mankhwala onse omwe wodwalayo amamwa.