Mndandanda wa mapepala oyenera kuona tisanagule kampani ya chigayo cha mpunga ku Nkhotakota

14 Julaye 2025. Kwa Mayi wapampando, ndi mkulu wa zachuma, ku ofesi yathu ya ku Salima.

Mayi, uwu ndi mndandanda munapempha uja. Dzina la kampaniyo sindinalilembe chifukwa cha pangano losunga chinsinsi lomwe munasaina pa 2 Julaye. Mukufuna kugula masheya 8,000 mwa 10,000 pa mtengo wa K420 miliyoni. Ndikumbutse chinthu chimodzi tisanayambe: wogula masheya amatenga kampani yonse monga ilili. Ngongole zake, milandu yake ndi msonkho womwe sinapereke mu 2020 zonse zimatsala m'kampanimo, ndipo kampaniyo idzakhala yanu. Choncho pepala lililonse pansipa tikufuna kuliona lenileni, osati chithunzi cha pa foni, ndipo zomwe atipatsa eni ake tikazitsimikize tokha ku ofesi yomwe inazitulutsa.

GAWO LOYAMBA: Kampaniyo ilipodi mwalamulo?

1. Setifiketi yolembetsera kampani ya mu 2009. Taiona. Dzina ndi nambala zikugwirizana ndi za pa kalata ya TPIN.

2. Malamulo oyendetsera kampani. Inalembetsedwa pansi pa lamulo la makampani la 1984, lisanabwere la 2013, kotero ili ndi mapepala awiri akale aja, la zolinga ndi la kayendetsedwe. Tifunse ngati anawasinthapo, ndipo ngati anasintha, ationetse chigamulo cha eni masheya ndi umboni woti anachipereka ku boma.

3. Zomwe zili m'kaundula wa boma. Ndikafufuza ndekha pa MBRS, kaundula wa pa intaneti wolembetsera mabizinesi, komanso ku ofesi ya Rejisitala Jenerali: madayirekitala omwe boma likuwadziwa, eni masheya, keyala ya ofesi, ndi malipoti a chaka ndi chaka. Atipatsa a 2018 mpaka 2021 okha. A zaka zotsatira akuti ali kwa munthu wawo ku Lilongwe. Abwere, kapena avomere kuti sanapereke ndipo alipire chindapusa iwowo.

GAWO LACHIWIRI: Masheyawo ndi a ndani?

Apa ndi pomwe mtima wanga sunakhazikike, ndipo ndikupempha kuti tisalipire ngakhale tambala mpaka gawoli litayera.

4. Buku la eni masheya, kuyambira tsamba loyamba. Likusonyeza anthu atatu: malemu omwe anayambitsa kampani, 5,000, mng'ono wawo, 3,000, mnzawo wa ku Lilongwe, 2,000. Malemu anatisiya mu 2021, koma dzina lawo likadali m'bukumo. Amene akutigulitsa 5,000 aja ndi mwana wawo woyamba, yemwe akuyendetsa chigayo panopa. Kuyendetsa chigayo sikumupatsa mphamvu yogulitsa masheya a bambo ake.

5. Wilo ya malemu ngati inalipo, ndi kalata ya khoti yopereka mphamvu yoyang'anira chuma cha masiye. Tione dzina lomwe lili pa kalatayo. Ngati panalibe wilo, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana onse a malemu, osati woyamba kubadwa yekha. Ku boma la Nkhotakota ndinamva kuti malemu anali ndi banja lachiwiri ku Dwangwa, ndipo mwa ana a kumeneko wina akadali pa sukulu. Mwanayo ali ndi gawo lake. Tikagula mobisa, tsiku lina adzakula n'kupita kukhoti, ndipo ineyo sindingakonde kudzaima kutsutsana naye. Tikufuna mndandanda wa onse olandira chuma, wosainidwa ndi woyang'anira chumacho, komanso chilolezo cholemba cha aliyense wamkulu msinkhu.

6. Masetifiketi enieni a masheya onse 8,000. Ngati ina "inatayika", tifunse ngati sinatayikire m'dirowa ya munthu wa katapila.

7. Ufulu wa eni masheya akale woyamba iwo kugula. Ndime 14 ya malamulo a kampaniyi ikuti wogulitsa ayambe wauza anzake mwa kalata, n'kudikira masiku 30. Mnzawo wa ku Lilongwe uja sakugulitsa 2,000 ake. Tikufuna kalata yake yokana kugula. Mawu oti "tinalankhula naye pa foni, alibe vuto" satithandiza.

8. Pangano lililonse la pakati pa eni masheya, ndi lonjezo lililonse lopatsa munthu masheya m'malo mwa malipiro kapena ngongole. Afunsidwenso mwachindunji ngati pali wina yemwe masheya analembedwa m'dzina lake koma mwini wake weniweni ndi wina.

GAWO LACHITATU: Zigamulo ndi misonkhano

9. Maminitsi a bodi ndi a eni masheya kuyambira 2019. Tiyang'ane makamaka tsiku lomwe mwana wa malemu anasankhidwa kukhala dayirekitala, ndi amene anavota. Ngati anangokhala pa mpando popanda chigamulo, ngongole ndi mapangano omwe wasaina zaka zinayi zapitazi tiziwerenge ndi diso lina.

10. Zigamulo zapadera, zofuna mavoti 75 pa 100 alionse. Masheya 8,000 adzakupatsani mphamvu imeneyi, pokhapokha ngati malamulo a kampani anapatsa wa 2,000 uja mphamvu yoletsa zinthu zina. Ndiwerenga ndime ndi ndime.

11. Osainira ku banki, ndi makalata alionse opatsa munthu mphamvu yochita zinthu m'dzina la kampani.

GAWO LACHINAYI: Malo

12. Lisi ya malo a chigayo, m'mbali mwa msewu wa M5. Funso loyamba ndi dzina la pa lisiyo. Makampani ambiri a m'banja amamanga pa malo omwe ali m'dzina la bambo, ndiye wogula amazindikira mochedwa kuti wagula makina okha, nthaka ndi ya ana amasiye. Tione zaka zotsala, ntchito yomwe malowo analoledwa, ndi malisiti a lendi ya boma. Ku ofesi ya za malo ku Lilongwe ndikafufuza ngati pali chikole kapena chiletso cholembedwa pa malowo.

13. Nyumba yosungira mpunga ya ku Dwangwa. Pepala lokhalo lomwe ationetsa ndi kalata ya a mfumu ya mu 2014, yolembedwa pamanja. Ulemu wonse kwa a mfumu, koma malo a makolo tsopano amayendera lamulo la 2016 ndi kusintha kwake kwa mu 2022, ndipo kalata ngati iyi banki singailandire ngati chikole. Ogulitsa aika nyumbayi pa K60 miliyoni. Ine ndikuti tiiwerengere mtengo wa njerwa ndi malata basi, mpaka mapepala atalongosoka.

14. Mapu a malire, ndipo wina akayende nawo pa malopo n'kupeza miyala ya malire. Afunsenso oyandikana nawo ngati pali mkangano.

GAWO LACHISANU: Ngongole ndi zikole

15. Mapangano onse a ngongole za ku banki, ndi kalata yochokera ku bankiko yonena ndalama zotsala. Ogulitsa akuti ndi K85 miliyoni. Tione ngati muli ndime yoti eni kampani akasintha, banki ingathe kuitanitsa ndalama zonse nthawi imodzi.

16. Kaundula wa zikole za katundu wonyamulika, wa pansi pa lamulo la 2013. Tifufuze ndi dzina la kampani, komanso nambala za malole awiri aja ndi makina opunthira.

17. Ngongole za m'madola. Makina osankha mpunga anagulidwa kunja mu 2023 molipira pang'onopang'ono. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 alionse mu Novembala chaka chomwecho, koma m'mabuku omwe ndaona ngongoleyo ikuoneka ngati ikadali pa mtengo wakale. A zachuma aiwerengenso.

18. Ngongole zomwe kampani inaikira kumbuyo anthu ena, ndi ndalama zomwe madayirekitala anabwereka kapena kubwereketsa kampani.

GAWO LACHISANU NDI CHIMODZI: Mabuku ndi msonkho

19. Malipoti a zachuma a zaka zisanu, ndipo wowasainayo titsimikize ku ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama, kuti ndi wovomerezeka. Masitetimenti a banki a miyezi 24, kuphatikizapo manambala a Airtel Money ndi Mpamba omwe amalandirira ndalama. Ngati nambalazo zili m'dzina la munthu, tidziwe.

20. Setifiketi ya MRA yosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho, ya chaka chino. Tisakhutire ndi yokhayo. Atsegule Msonkho Online ife tili pomwepo, tione msonkho wa phindu, PAYE, ndi omwe amadula polipira ena. Makalata onse ochokera ku MRA a zaka zisanu ndi chimodzi.

21. Mpunga wa m'nkhokwe. Mabuku akuti matumba 3,200 a makilogalamu 50, wambiri Kilombero wosapuntha. Tikawerenge tokha, tibowoleko ena, ndipo tifunse kuti angati mwa amenewa ndi a alimi ndi mavenda omwe anangosungitsa podikira mtengo. Tionenso ngati pali alimi a ku Bua omwe anapereka mpunga pa ngongole ndipo sanalipidwe.

GAWO LACHISANU NDI CHIWIRI: Antchito, ziphaso, milandu

22. Mndandanda wa antchito 27 okhazikika, tsiku loyamba ntchito ndi malipiro. Aganyu omwe amabwera chaka ndi chaka nyengo yokolola alembedwe padera.

23. Penshoni: 10 pa 100 ya bwana, 5 pa 100 ya wantchito. Kudula pa malipiro ndi kwina, kutumiza ndi kwina. Kalata ichokere ku kampani yosunga penshoniyo. Malisiti a TEVETA. Mbiri ya ovulala pa makina ndi chipepeso chomwe analandira.

24. Laisensi ya khonsolo ya Nkhotakota, chiphaso cha MBS cha mpunga wa m'mapaketi ndi chidindo cha pa masikelo, mapepala a bungwe loona za chilengedwe la MEPA, inshulansi, ndi bilu yomaliza ya ESCOM.

25. Milandu: khoti lalikulu, nthambi ya zamalonda, khoti la za ntchito, ndi khoti la majisitileti pa boma pomwepo. Madayirekitala alembe molumbira milandu yonse, ngakhale yomwe yangoopsezedwa mwa kalata.

26. CFTC, bungwe loona za mpikisano pa malonda. Pakuti inunso mumagula mpunga ku Lifuwu ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja, ndiona ngati kugulaku kukufunika chilolezo chawo malinga ndi lamulo la 2024, tisanasaine pangano lomaliza.

Ogulitsa abweretse zonse pofika Lachisanu pa 25 Julaye. Magawo 1 mpaka 4 ndi manambala 16, 25 ndi 26 ndi anga. Otsalawo ndi a zachuma. Ku Nkhotakota tipita Lachiwiri pa 29 Julaye kukawerenga matumba ndi kuyenda malire, ndipo ndikupempha kuti tikadutsenso ku Dwangwa, tikaonane ndi mayi a banja lachiwiri lija pamaso. Lipoti langa mulandira pa 8 Ogasiti. Mu pangano ndiikamo kuti K90 miliyoni isungidwe kwa loya kwa miyezi 12, yolipirira msonkho kapena penshoni yomwe ingadzatulukire m'mbuyo. Nambala 5 ndi 7 zikapanda kukwanira pa 25 Julaye, ndidzakuimbirani tsiku lomwelo kuti ulendo wa pa 29 tiuimitse.

Ine loya wanu.