Buku la Chisamaliro cha Minibasi: Basi Nambala 3, Kasungu–Lilongwe

Mawu a mwini, awerengedwe musanalembe kanthu

Minibasi zathu zinayi, iliyonse ili ndi buku lake, ndipo bukulo limagona m'galimoto momwemo. Lembani ndi bolopeni, osati pensulo. Mukalakwitsa dulani mzere umodzi ndi kusayina pambali. Osang'amba tsamba.

Mawu oti "zonse zili bwino" sindiwafuna m'buku muno. Lembani chimene mwaona ndi maso, chimene mwamva ndi khutu, ndi malo amene mwachimvera. Kulemba vuto sikudulitsa munthu malipiro pano. Chodulitsa malipiro ndi kubisa. Basi siituluka pageti popanda siginecha ya dalaivala ndi ya woyang'anira, ndipo ikachokera ku galaja iwonjezere ya makaniko.

GAWO 1: ZA GALIMOTOYI

Nambala yathu: Basi 3
Mtundu: Toyota Hiace, injini 5L ya dizilo
Mipando: 15, kuwerengera ndi wa dalaivala
Matayala: 195R15C, anayi ndi sipeya
Oyilo wa injini: 15W-40
Mafuta a mabuleki: DOT 3
Njira: msewu wa M1, kudzera ku Chinkhoma, Madisi, Mponela ndi Lumbadzi
Dalaivala: a Phiri
Kondakitala: Chikondi
Makaniko: a Mwale
Woyang'anira pabwalo: a Banda
COF itha pa: 30 Epulo 2025
Inshuwalansi itha pa: 30 Juni 2025

GAWO 2: NTHAWI YOSINTHIRA ZINTHU

Timawerenga makilomita, osati masiku. Basi iyi ikapita ku Lilongwe ndi kubwerako imadya makilomita opitirira 260, ndiye 5,000 amakwana m'masabata atatu okha. Amene amadikira kutha kwa mwezi amakhala atapitirira kalekale.

Oyilo ndi fyuluta yake: makilomita 5,000 aliwonse. Tinasintha pa 21 Januwale, pa 382,150. Nthawi yotsatira inali 387,150.
Fyuluta ya dizilo: makilomita 10,000 aliwonse, kapena nyali ya madzi ikayaka.
Fyuluta ya mpweya: iwuziridwe pa sevisi iliyonse. M'chilimwe, fumbi la Okutobala likafika, sabata iliyonse.
Girizi: sevisi iliyonse, koma nyengo ya mvula musadikire, madzi amatsuka.
Mabuleki a kutsogolo ndi a kumbuyo: atsegulidwe ndi kuonedwa pa sevisi iliyonse.
Lamba wa tayiming'i: makilomita 100,000. Tinasintha pa 301,500. Wotsatira asanafike 401,500.

Za lambayu ndibwereze. Sachenjeza ngati mabuleki amene amayamba alira. Akaduka injini ikuthamanga, mapisitoni amamenya mavalavu, ndipo zikatero timakamba zotsitsa injini yonse. Nyali ya T-BELT ikayaka padashibodi, wina asaizimitse lamba asanasinthidwe.

GAWO 3: KUONA KWA M'MAWA NDI LIPOTI LA MADZULO

Lolemba, 10 Febuluwale 2025
Makilomita ponyamuka: 386,410. Pobwera: 386,674.
Dizilo wothira: malita 30, papampu, lisiti ilipo.
Oyilo: pakati pa timizere tiwiri, wada.
Madzi a mu rediyeta: odzaza, taona injini isanatenthe.
Mafuta a mabuleki: pamzere wa pamwamba.
Matayala: onse opopa bwino, manati omangika. Lakumbuyo kumanja layamba kudyeka.
Nyali, maindiketa, hutala, mawayipa: zikugwira. Wayipa wa kumanzere akusiya mzere pagalasi.
Jeke, sipanala, matirayango awiri, chozimitsira moto: zilipo.
Lipoti la madzulo: chitseko chokoka chikulimba potseka.
Dalaivala: a Phiri, ndasayina 5:20 m'mawa.
Woyang'anira: a Banda, ituluke.

Lachiwiri, 11 Febuluwale 2025
Makilomita ponyamuka: 386,674. Pobwera: 386,935.
Dizilo wothira: malita 10 papampu. Malita 20 a m'chigubu, ogula m'mbali mwa msewu chifukwa pampu inatha tili pamzere. Lisiti palibe.
Oyilo ndi madzi: monga dzulo.
Mafuta a mabuleki: pamzere wa pamwamba.
Matayala ndi nyali: monga dzulo.
Lipoti la madzulo: mabuleki akulira kutsogolo ndikamaima. Ndayamba kumva pa Madisi popita, pobwera zawonjezera. Mvula inagwa kuchokera ku Lumbadzi mpaka ku Mponela.
Zimene wachita makaniko: ndachotsa matayala a kutsogolo. Mapadi atsala mamilimita 3. Ayende mawa lokha, Lachinayi ilowe. Kumbuyo sindinatsegule, kunada. A Mwale.
Dalaivala: a Phiri, ndasayina.
Woyang'anira: a Banda, ituluke mawa ulendo umodzi basi.

Lachitatu, 12 Febuluwale 2025
Makilomita ponyamuka: 386,935. Pobwera: 387,198.
Dizilo wothira: malita 29, papampu, lisiti ilipo.
Oyilo ndi madzi: palibe chasintha.
Mafuta a mabuleki: pamzere wa pamwamba.
Lipoti la madzulo: nyali ya madzi a mu dizilo inayaka titangodutsa Mponela. Ndinaima, ndinamasula kunsi kwa fyuluta, munatuluka madzi pafupifupi theka la kapu. Ndinapopa, inalira. Tinataya mphindi 25. Buleki ikupita pansi kuposa masiku onse, ndimachita kuponda kawiri.
Dalaivala: a Phiri, ndasayina.
Woyang'anira: a Banda, isatuluke. Makiyi ndasunga ine.

GAWO 4: NTCHITO YA KU GALAJA

Tsiku: Lachinayi, 13 Febuluwale 2025
Yalowa: 7:00 m'mawa. Yatuluka: 3:40 masana.
Makilomita polowa: 387,198, kupitirira sevisi ndi makilomita 48
Mtundu wa ntchito: sevisi ya 5,000 ndi kukonza mabuleki
Dandaulo la dalaivala: mabuleki kulira ndi kupita pansi, madzi mu dizilo, chitseko, wayipa

Zimene ndapeza, wolemba ndine a Mwale:

Mapadi a kutsogolo anathadi, koma kupita pansi kwa buleki sikunachokere kumeneko. Nditachotsa diramu la kumbuyo kumanzere ndinapeza silinda ikuchucha. Mashu anali onyowa ndi mafuta, fumbi litamatirira ngati phala. Kuseri kwa tayala kunali mzere wakuda wotsika pansi, koma matope a mvulayi anaubisa. Kuchucha kumeneku sikunayambe dzulo. Ndi kwa sabata kapena kuposa.

Chinandidabwitsa n'chakuti m'buku mafuta a mabuleki alembedwa "pamzere wa pamwamba" masiku onse atatu. Galimoto yochucha chonchi singasunge mafuta pamzere. Nditafunsa, Chikondi wavomera kuti anathiramo kawiri, Loweruka ndi Lachiwiri m'mamawa, a Phiri asanafike, kuchokera m'botolo losungira pansi pa mpando. Sanalembe chifukwa ankaona ngati n'chimodzimodzi kuthira madzi a mawayipa.

Mafuta a mabuleki sapsa ngati dizilo. Amatsika pang'onopang'ono mapadi akamadyeka, kwa miyezi. Akatsika m'masiku awiri ndiye kuti akutuluka penapake. Zikanalembedwa Loweruka, Lachiwiri lija ndikanatsegula kumbuyo ngakhale ndi tochi. Nanenso ndikuvomera mbali yanga: ndinaloleza basi nditaona mawilo awiri okha.

Zimene ndachita:
Oyilo watsopano malita 6 ndi fyuluta yake.
Fyuluta ya dizilo yatsopano. Ndatsitsanso dizilo pang'ono pansi pa thanki, munali madzi ndi tizinyalala.
Fyuluta ya mpweya ndauzira, ipirira mpaka sevisi ikubwerayi.
Mapadi atsopano kutsogolo mbali zonse. Madisiki ali ndi timizere koma akadali onenepa.
Silinda yatsopano kumbuyo kumanzere. Ya kumanja ndafunyulula labala, ndi youma.
Mashu atsopano mbali zonse ziwiri. Kusintha mbali imodzi kumachititsa galimoto kukokera kumbali poima, ndipo shu yonyowa ndi mafuta sitsukidwa n'kubwezeredwa.
Ndachotsa mafuta akale onse, ndathira atsopano, ndatulutsa mpweya m'mawilo onse anayi. Handibuleki ndakoka.
Girizi ponseponse, ndi munjanji ya chitseko. Chikutseka ndi dzanja limodzi.
Batire: mavoti 14.1 injini ikulira. Mitu ndatsuka.

Kuyesa: makilomita 12 pa M1, ine ndi a Phiri. Ikuima mowongoka, buleki yalimba, sikulira. Titabwerera ndinagona pansi, ponse pouma. Makilomita potuluka: 387,210.

Ndalama
Oyilo: K66,000
Fyuluta ya oyilo: K18,000
Fyuluta ya dizilo: K22,000
Mapadi: K45,000
Silinda: K38,000
Mashu: K52,000
Mafuta a mabuleki: K14,000
Girizi: K6,000
Ntchito ya manja: K60,000
Zonse pamodzi: K321,000
Malisiti 4 amatidwa kuseri kwa tsamba lino. Zida zakale zaperekedwa kwa a Banda m'thumba, aziona.

GAWO 5: ZOTSALA

Wayipa wa kumanzere: ku shopu kunalibe saizi yake. A Phiri agule ku Lilongwe mawa, 14 Febuluwale, amange asanabwerere. Mvula ikadalipo.
Tayala la kumbuyo kumanja: latsala pang'ono kufika pa timfundo ta m'mizere yake. Ligulidwe pofika 22 Febuluwale. Pogula onani manambala anayi a m'mbali mwa tayala: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka limene linapangidwa. Tayala lokalambira m'shopu limang'aluka mapanga akadalipo.
Sevisi yotsatira: 392,198.
Lamba wa tayiming'i: kwatsala makilomita pafupifupi 14,300.

GAWO 6: NDEMANGA ZA MWINI

Ndawerenga masamba onse ndipo thumba la zida zakale ndaliona.

Chikondi, sindikudula malipiro. Unavomera utangofunsidwa, ndipo ndikudziwa unkafuna kuthandiza. Koma Lachitatu munali anthu 14 kumbuyo kwa a Phiri, ena ndi ana pamsana. Kuyambira lero chilichonse chothiridwa m'galimoto, kaya madzi, oyilo kapena mafuta a mabuleki, chilembedwe ndi muyeso wake ndi dzina la wothira. A Banda, onjezani mzere umenewu m'mabuku a Basi 1, 2 ndi 4 lero lomwe, ndipo mabotolo osungira achoke pansi pa mipando, akhale mu ofesi.

A Phiri, zikomo polemba malo ndi nthawi. Koma buleki yoponda kawiri siyobwera nayo mpaka ku Kasungu ndi anthu. Tsiku lina imani pomwepo, muimbe foni, anthu tiwakweze ina. Ndalama ya ulendowo ndi yanga, siidzachoka kwa inu. Za dizilo wa m'chigubu ndikumvetsa mmene mizere ilili, koma muziyamba mwandifunsa.

A Mwale, dandaulo likakhala la mabuleki, mawilo onse anayi atsegulidwe musanasayine. Kukada, basi igone. Lamba wa tayiming'i tisinthe kumapeto kwa Malichi, msika wa fodya usanatsegulidwe ku Chinkhoma. Nthawi imeneyo anthu amachuluka pamsewu ndipo sindifuna basi pagalaja. Mundipatse mtengo wa lamba ndi zokokera zake pofika Lolemba, 17 Febuluwale.

GAWO 7: KUSAYINA

Makaniko: Ntchito yolembedwa pamwambayi ndagwira ndi manja anga, ndipo galimotoyi ingathe kunyamula anthu.
Wasayina: a Mwale, 13 Febuluwale 2025, 3:40 masana

Dalaivala: Ndayesa galimotoyi ndipo ndailandira. Zotsala ndaziwerenga.
Wasayina: a Phiri, 13 Febuluwale 2025, 3:50 masana

Kondakitala: Ndawerenga ndemanga ndipo ndamva.
Wasayina: Chikondi, 13 Febuluwale 2025, 4:00 masana

Woyang'anira pabwalo: Malisiti ndi zida zakale zagwirizana. Makiyi ndabweza kwa dalaivala.
Wasayina: a Banda, 13 Febuluwale 2025, 4:15 masana

Mwini: Ndavomereza K321,000. Basi 3 ituluke Lachisanu, 14 Febuluwale, a Banda atayang'ana kuseri kwa matayala onse anayi ndi tochi.
Wasayina: Mayi Nankhoma, 13 Febuluwale 2025, 5:30 madzulo