Mbiri, Fomu 3: funso lokumbukira ndi funso losanthula

Ophunzira anga, ndachonga mayeso a Lachisanu. Zaka ndi mayina mwazigwira bwino, koma pa funso lachisanu ambiri munangondifotokozeranso nkhani yonse. Werenganinso kandime aka.

"John Chilembwe anabwerera kuchokera ku Amereka mu 1900 n'kutsegula mishoni ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Pa esiteti ya ku Magomero anthu ankagwira thangata, ndipo bwana wa pamenepo, William Jervis Livingstone, anatentha nyumba zopemphereramo za otsatira Chilembwe. Mu Novembala 1914 Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala kudandaula kuti Aafirika akufera nkhondo ya azungu. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira. Iye anaphedwa pa 3 Febuluwale, cha ku Mulanje."

Funso lokumbukira limafuna chimene chalembedwa kale. Mishoni inali kuti? Ku Mbombwe. Anaukira liti? Pa 23 Januwale 1915. Yankho ndi limodzi, ndipo mutha kuliloza ndi chala. Mafunso otere amakonda kuyamba ndi "tchulani", "ndani", "liti". Musawapeputse, poti wosokoneza zaka sangalongosole chimene chinabala chinzake.

Funso losanthula ndi lina. Taonani funso lachisanu lija: "N'chifukwa chiyani Chilembwe, amene anayamba ndi tchalitchi, sukulu ndi kalata, anafika potenga zida?" Sakani m'ndimemo mpaka dzuwa lilowe, chiganizo choyankha simuchipeza. Muyenera kutola thangata, kutenthedwa kwa nyumba zopemphereramo ndi nkhondo ya 1914, n'kuziika pamodzi, kenaka munene chimene mukuona kuti chinalemera koposa, ndi chifukwa chake.

Mmodzi wa inu analemba kuti: "Chifukwa cha thangata." Zoona, koma apo wangotchula. Mnzake analemba kuti: "Thangata linalipo zaka zambiri koma anthu sanaukire. Kalata ndi ya Novembala, kuukira ndi kwa Januwale, choncho ndikuona kuti nkhondo ndiyo inasefukiza mkwiyo." Ameneyu wasanthula: watenga masiku awiri a m'ndime n'kumangapo ganizo lakelake. Wina atha kumutsutsa, nati kutentha matchalitchi ndiko kunamupweteka kwambiri m'busayo, ndipo onse awiri ndingawapatse malikisi ngati aonetsa umboni.

Ine nkhani ya thangata imandikhudza. Ife a kuno ku Thyolo timadutsa m'minda ya tiyi m'mawa uliwonse, ndipo ambiri makolo athu akale anakhala pa malo a azungu, n'kumalipira malowo ndi thukuta lawo. Sindifuna kuti liwu limeneli muzingoliloweza ngati dzina la mtsinje.

Lolemba aliyense abwere ndi mafunso anayi ochokera m'ndime yomweyi, awiri okumbukira, awiri osanthula. Amene muli ndi agogo kunyumba, muwafunse zimene anamva za thangata, mudzatiuze m'kalasi.