Uthenga wa Mphatso kwa Tadala ndi Limbani pa tsiku la ukwati wawo

Tadala! Mkwatibwi wathu! Ndine Mphatso, ndikulankhula ndili ku Joni kuno. Alamu anga a Limbani, moni. Amayi a Nabanda, bambo Phiri, makolo akuchimuna, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndi nonse amene mwadzaza holo ku Dedzako, ndagwada, landirani moni wanga.

Mnzanga, ukudziwa kuti mtima wanga unali pa ulendo. Ndimati ndikwere basi, ndidutse pa Beitbridge ndi pa Nyamapanda, ndiwoloke Zambezi pa Tete, ndidzatulukire pa chipata cha Dedza, pakhomo panu penipeni. Koma mapepala anga a ntchito sanatulukebe, ndipo nditati ndichoke popanda mapepalawo, kubwerera kungavute. Zandiwawa, sindikubisira. Chitenje cha ukwati unanditumizira chija ndinasoketsa, ndi ichi ndavalachi. Ona manja ake, telala watsata momwe unanenera.

Alamu, ndiloleni ndikuuzeni za munthu amene mwamutengayu, chifukwa mwiniwake sangakuuzeni. Mu 2019 mayi anga atagonekedwa ku Kamuzu Central, ine ndiye ndinali wowadikirira. Tadala ankadzuka kusanache ku Kawale, kuphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kuliika m'fulasiki, n'kufika nalo kuchipatala asanapite kuntchito. Amayi akakana kudya, ine ndinkangolira, koma iye ankakhala pamphepete pa bedi n'kumawanyengerera ndi sipuni mpaka mbale kuyera. Madzulo ankabweranso kudzatenga zovala zokachapa. Sitinamutume, ndipo mpaka lero sanaitchulepo nkhaniyi. Amayiwo anachira, ali momwemo m'holomo, ndipo ndikudziwa kuti mwawaona kale akuvina.

Komanso dziwani ichi: Tadala zikamupweteka salankhula. Amangoyamba kukolopa m'nyumba moyera kale. Mukaona zimenezo musadutse, khalani naye pansi, mufunseni bwinobwino, ayankha. Ine za inu sindikayika. Tsiku lija munandiimbira foni kundifunsa nyimbo imene amakonda kutchalitchi, ndinadziwa kuti mnzanga wapeza munthu womvetsera.

Ndipo iwe Tadala, wasenzera anthu ambiri katundu. Tsopano lola mwamuna wako akulandireko wina. Ukatopa, nena kuti watopa. Foni yanga ndi yomwe ija, imba ngakhale pakati pa usiku, koma uyambe wauza alamu.

Mulungu adalitse banja lanu. M'nyumba mwanu mukhale mtendere, alendo azituluka okhuta. Mapepala akangotuluka ndikubwera, ndipo chipinda cha alendo ndichiyamba ndine.

A mwini mwambo, ikafika nthawi ya perekaniperekani muitane dzina langa mokweza. Mng'ono wanga Chisomo ali ndi envulopu yanga, andivinira ndi iyeyo. Chisomo, usathire zonse kamodzi, uziponya pang'onopang'ono mpaka nyimbo ithe!

Ndimakukonda, Tadala. Amayi onse m'holomo, ndithandizeni nthungululu!