Pempho lotenga katundu pangongole ya masiku 30

Okondedwa Bambo Phiri,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi antchito anu. Ine ndine Grace Banda, mwini wa sitolo ya zipangizo zomangira nyumba imene ndinatsegula miyezi isanu yapitayo. Kuyambira nthawi imeneyo ndaoda kwa inu kasanu ndi kamodzi, ndipo ulendo uliwonse ndimalipiriratu katundu asanakwere galimoto.

Lero ndabwera ndi pempho: mundilole kutenga katundu ndi kulipira pasanathe masiku 30 kuchokera tsiku lolembedwa pa invoisi.

Vuto langa si kusowa kwa makasitomala ayi. Amisiri awiri amene akumanga nyumba amatenga simenti kwa ine n'kudzalipira kumapeto kwa mwezi, choncho ndalama zimakhala zili m'manja mwa ena pamene mashelefu akuyera. Sabata yatha ndinabweza munthu wofuna matumba 40 chifukwa ndinali nawo 12 okha. Zinandiwawa kumuona akutembenuza ngolo yake.

Ndikudziwa kuti bizinesi yatsopano siikhulupiririka msanga. N'chifukwa chake ndikupempha tiyambe pang'ono, matumba 100 a simenti pamwezi. Ndikadzachedwa kulipira ngakhale kamodzi, mudzandibwezere pa dongosolo lolipiriratu.

Ndaphatikiza chikalata cholembetsera bizinesi, sitetimenti ya kubanki ya miyezi itatu ndi malisiti anu onse. Ngati mungakonde kuti tionane maso ndi maso, ndikhoza kufika ku ofesi kwanu Lachinayi m'mawa.

Ine wanu,
Grace Banda