Kodi Chiswe Chimadziwa Kuwerenga?

Madamu Banda ankawerenga timapepala ta mitu ya chionetsero cha sayansi mokweza, kamodzikamodzi. Limbani adzapanga galimoto yoyendera dzuwa. Chisomo ndi anzake awiri adzasefa madzi ndi mchenga ndi makala. Anyamata atatu osiyana onse analemba za phiri lotulutsa moto. Atafika pa kapepala kopindidwa kanayi, Madamu anakatambasula, n'kukayandikiza kumaso.

"Kodi chiswe chimadziwa kuwerenga?" Anakweza mutu. "Ndani walemba izi?"

Fomu 2 yonse inafa ndi phwete. Kumbuyo, pafupi ndi kabati yakale ya mabuku, Tamanda anakweza dzanja mpaka m'khutu basi, n'kulitsitsanso msangamsanga ngati wagwira mbaula.

"Iwe Tamanda? Ukunena zoona?"

Anagwedeza mutu. Mawu ake aphunzitsi ambiri sankawadziwa n'komwe. Poitana maina m'mawa, mnzake wokhala naye pa desiki ndi amene ankamuyankhira kuti alipo. Pofika nthawi yopumulira, dzina linali litapezeka kale: Nachiswe.

Nkhaniyi inayamba milungu iwiri m'mbuyomo, ndi kabati ija. Wina anaimenya ndi chikwama, dothi n'kugumuka kumbuyo kwake, tichiswe tingapo n'kugwera pa kope la Tamanda. Anali atangojambula mzere wa m'mphepete ndi bolopeni. Asanatikutumule, anaona kamodzi kakufika pa mzerewo, kuima, kugwedeza tinyanga take, kenako n'kuyamba kutsika nawo ndendende ngati sitima pa njanji. Anajambula mzere wokhota. Kanakhota. Anajambula ziro, ndipo kanazungulira ziroyo kasanu mpaka belu linalira. Tsiku limenelo masamu sanamvepo kanthu.

Ataweruka, Madamu anamuitanitsa. Tamanda anayankha mafunso onse akuyang'ana nsapato zake, mpaka Madamu anatopa n'kunena kuti, "Chabwino, ndionetse." Anaona. Anakhala duu kwa kanthawi, kenako anatulutsa buku lakale la sayansi ya zamoyo mu shelefu, lomwenso chiswe chinali chitalawako chikuto.

"Tenga. Koma dziwa kuti pa chionetsero oweruza amafunsa mafunso. Udzayankhula?"

Tamanda sanayankhe.

Kunyumba anapeza chipika chowola kuseri kwa mpanda, chodzaza ndi chiswe. Gulu loyamba lomwe anaika m'botolo linafa lisanafike madzulo. Anaphunzira mowawa kuti khungu la chiswe ndi lopyapyala, chimauma msanga, ndipo chimafuna mdima ndi chinyezi. Kuyambira pamenepo ankachisunga m'kachitini kokhala ndi zidutswa za katoni wonyowa, n'kumachinyamula ndi nthenga ya nkhuku, chifukwa zala zimachiphwanya.

"Chiswecho chikangolawa mpando wanga, iwe ndi icho mugona panja," anatero amayi ake. Koma mawa lake anamubweretsera zolembera zinayi zomwe anapempha kwa anzawo kuntchito.

Zolembera ndiye zinakhala ntchito yeniyeni. Tamanda ankatola zotayidwa pansi pa madesiki, zothyoka, zotafunidwa kumutu, mpaka zinakwana 23. Chilichonse anachimata nambala, n'kuchiyesa kakhumi. Pensulo chiswe sichinkaitsata. Choko ayi. Anaganiza kuti mwina chimakonda buluu, koma panali bolopeni yofiira yomwe chinaitsata, ndi ya buluu ina yomwe chinangoidumpha ngati palibe kanthu. Anaganiza kuti mwina chimatsata kangalande komwe peni imasiya pa pepala, choncho anakanda mzere ndi bolopeni youma. Chinangodutsa. Mzere wa dzulo sichinkausamala, koma wojambulidwa kumene chinkaukakamira. Buku lija linamuthandiza kumanga mfundo: chiswe chogwira ntchito chilibe maso. Chikapeza chakudya chimasiya kafungo pansi kuchokera kumimba kwake, ndipo anzake amatsata ndi tinyanga tawo. Mu inki ya mabolopeni ena muli mankhwala omwe chiswe chimawamva ngati kafungo kameneka.

Zonsezi anazilemba bwinobwino m'kope. Kuzinena pakamwa ndiye kunali kwina. Anayeserera pa galasi, mawu n'kuthera pakhosi. Anayeserera pamaso pa mlongo wake wamng'ono, Yamikani, yemwe anamvetsera mpaka pakati n'kufunsa ngati chiswe chingalembeko homuweki.

Tsiku la chionetsero holo inadzaza. Matebulo abwino a kutsogolo anatengedwa m'mamawa, ndipo Tamanda anapeza lake pakona, pafupi ndi pomwe amasunga matsache. Ena anali ndi mabatire, mawaya, timagetsi tothwanima. Iye anali ndi mulu wa mapepala oyera, zolembera 23, nthenga, kachitini, ndi tchati chomwe anajambula usiku. Anthu ankadutsa, kuwerenga mutuwo, kumwetulira, n'kupita kukaona phiri likuchita thovu.

Woyamba kuima anali kamwana ka zaka ngati zisanu, kamene kanathawa m'manja mwa amayi ake. Tamanda sananene kanthu. Anakapatsa peni nambala 7, n'kuloza pepala. Kamwanako kanajambula chinthu chonga dzira. Tamanda anatsegula chitini, kukokera kachiswe kamodzi ndi nthenga, n'kukaika pa mzere.

"Amayi! Amayi! Kakunditsatira!"

Kukuwa kumeneko n'kumene kunaitana anthu. Pasanathe mphindi khumi pakona paja panali podzaza, ana akulimbirana kulemba zilembo za maina awo, makolo akusuzumira pamwamba pa mitu. Tamanda ankangosintha mapepala ndi kubweza tichiswe totopa m'chitini. Zinkamuyendera bwino chifukwa palibe ankamuyang'ana iye.

Kenako gulu linapatuka. Oweruza anali atatu, ndipo wotsogola anali bambo wamtali wa imvi, mphunzitsi wa sayansi wopuma pantchito, yemwe mbiri yake inali yoti satamanda msanga. Anaonerera kachiswe kakuzungulira nambala 8, kakudutsa pamphambano osasochera. Ananyamula pepala lina n'kulinunkhiza.

"Mwanawe, sunapake shuga apa?"

Tamanda anapukusa mutu.

"Tione." Anatulutsa peni yakeyake m'thumba la jekete, yonyezimira, yolemera ndithu, n'kujambula mzere wautali pa pepala latsopano. Tamanda anaikapo kachiswe. Kanafika pa mzere, kanadutsa, n'kulunjika kumphepete kwa tebulo. Anakabweza. Kanadutsanso.

Wina kumbuyo anaseka. "Nachiswe wagwidwa!"

Woweruza uja anayamba kulemba pa fomu yake. Tamanda anamva makutu akutentha, manja atanyowa. Anayang'ana chitseko, chomwe chinali pafupi kwambiri. Anayang'ananso kachiswe kaja, kakuyendayenda pa pepala, tinyanga tili m'mwamba, kakufunafuna chinthu chomwe panalibe.

"Sikanalakwe."

Mawuwo anatuluka aang'ono kwambiri moti woweruza anawerama. "Wati bwanji?"

"Sikanalakwe, Sala. Peni yanuyo ndi imene ilibe fungo." Anameza malovu. "Inki yake ndi yamadzimadzi. Zoterozo ndinayesa zisanu, nambala 3, 9, 14, 15 ndi 20. Palibe ndi imodzi yomwe imene chinatsata. Zili pa tchatipa."

Bamboyo anavala magalasi n'kuyang'ana tchati. Anachiwerenga chonse, mzere ndi mzere, holo ikusokosera kumbuyo kwake.

"Ndiye ukuti sichiona mzerewu?"

"Chilibe maso, Sala. Chimanunkhiza." Anali akuyang'anabe pa tebulo, koma mawu anayamba kubwera okha. Anafotokoza za peni youma, za mzere wa dzulo, za bolopeni yofiira. Anati fungo lomwe tizilombo timatumizirana limatchedwa feromoni, dzina lomwe akatswiri awiri, Peter Karlson ndi Martin Lüscher, analipeka mu 1959, ndipo Lüscher anali wofufuza za chiswe chomwechi. Anati mankhwala a mu inki omwe amachinamiza ndi 2-phenoxyethanol, ndipo anapunthwa pa dzinalo kawiri asanalitchule bwino. Palibe anaseka.

"Nanga nyerere?" anafunsa mayi yemwe anali woweruza wachiwiri.

"Ndinayesa, Madamu. Sizitsata. Chiswe si mtundu wa nyerere. Abale ake ndi mphemvu."

"Mphemvu!" anatero mayi wina m'gulumo, akudzikutumula chovala.

Woweruza wa imvi anapinda manja. "Funso lako lija sunaliyankhe. Chimadziwa kuwerenga kapena ayi?"

Tamanda anaganiza kaye. "Zathuzi ayi. Chimawerenga zomwe chinzake chalemba. Ifeyo tangobera kalembedwe kake mwangozi."

Kenako anachita chinthu chomwe iye mwini sanachiyembekezere. Analoza thumba la malaya a bamboyo, momwe munkaonekera kachivindikiro kotafunidwa ka bolopeni wamba. "Tayesani iyo, Sala."

Bamboyo anaisolola, n'kusaina dzina lake lonse pa pepala, ndi michira yake yopotanapotana. Kachiswe kanagwira pa chilembo choyamba, kanakwera, kanatsika, kanazungulira mphinda iliyonse, n'kukaima pomwe peni inathera, tinyanga tikugwedera. Anthu anaomba m'manja. Bamboyo sanaombe. Anapinda pepalalo mosamala, atayamba wadikira kuti Tamanda achotsepo kachiswe, n'kuliika m'thumba.

Zotsatira zinalengezedwa masana. Malo achitatu anapita kwa osefa madzi. Achiwiri kwa Limbani, yemwe galimoto yake inayendadi mpaka mtambo utaphimba dzuwa. Ahedi atatchula dzina la Tamanda, iye anali pansi pa tebulo akudonthezera madzi pa katoni wa m'chitini, ndipo sanamve. Anachita kumukoka ndi Chisomo.

"Nachiswe, ndiwe! Pita!"

Dzinalo linamveka mosiyana ulendo uno. Ulendo wochoka pakona kukafika kutsogolo unali wautali, ndipo anauyenda akuyang'ana pansi, chitini chili m'manja chifukwa anaiwala kuchisiya. Amayi ake anali ataimirira pakati pa holo, akuuza aliyense woyandikana nawo kuti zolembera zinayi mwa zimenezo anabweretsa ndi iwo. Madamu Banda ankangopukusa mutu uku akumwetulira.

Ahedi anasaina satifiketi pomwepo, n'kumupatsa pamodzi ndi chikho. Kenako anamuyandikizira maikolofoni. "Uli ndi mawu alionse kwa anzako?"

Holo inati zii. Tamanda anayang'ana maikolofoni, anayang'ana satifiketi, pomwe inki inali isanaume. Maso ake anakathera pa dzanja la ahedi.

"Sala," anatero, mawu ake n'kumveka mpaka kumatsache kuja, "mungandibwerekeko peni yanuyo? Imeneyo sindinaiyesepo."