Phale la Ili-iddinam

Dongo la m'mphepete mwa mtsinje wa Firate limabwera ndi timiyala ndi mizu. Warad-Sin, mlembi wa mumzinda wa Sippar m'masiku a Mfumu Hammurabi ya ku Babulo, ankaliviika usiku wonse, m'mawa n'kulikanda mpaka litasalala. Likafewetsa, bango limamatirira ndipo zilembo zimatsekeka. Likaumitsa, limang'aluka m'mbali.

Tsiku lina kunabwera mlimi, Ili-iddinam, kudzakongola barele kwa wamalonda wina.

"Mukufuna wochuluka bwanji, bambo?"

"Guru 2, mbuyanga. Mbewu ndi chakudya cha ana."

Anayeza ndi mbiya ya sila 10, kusalaza pakamwa pake ndi kamtengo. Guru imodzi ndi sila 300, ndipo sila ndi pafupifupi lita imodzi, choncho mbiya zinakwana 60. Chiwongoladzanja cha barele chinali sila 100 pa guru iliyonse. Pokolola adzabweza guru 2 ndi sila 200.

Warad-Sin anaumba phale lokwana m'chikhatho. Polemba sankajambula mizere padongolo, ankangodinda ndi ngodya ya bango. Analemba muyezo, wokongoza, wokongola, nthawi yobweza, mboni zitatu, mwezi ndi dzina la chaka. Phale litauma pang'ono analikuta ndi chikamba chopyapyala cha dongo, n'kulembanso mawu omwewo pamwamba. Mboni zinagubuduza zidindo zawo. Mlimi analibe chidindo, ndiye anadinda mphonje ya chovala chake.

Chaka chimenecho madzi anasefukira, munda wonse n'kukokoloka. Wamalonda anam'kokera mlimi kwa oweruza pachipata cha kachisi wa Shamash, mulungu wa dzuwa, phale lili m'manja.

"Guru 3! Werengani nokha."

Anaitana mlembi. Iye anapendeketsa phalelo kudzuwa kuti zilembo zichite mthunzi. Guru zimalembedwa ndi timizere togona, ndipo panalidi titatu. Koma kachitatu kanali kosazama, dongo lozungulira kameneko likunyezimira ngati lopakidwa malovu, ndipo mzere wa chidindo cha mboni unali utafufutika pamenepo.

"Akuluakulu, pano munthu ananyowetsa dongo louma n'kudindapo. Ine ndimalemba dongo likadali laliwisi. Iswani chikamba."

Woweruza anagogoda ndi mwala, chikamba chinasweka. M'kati munali timizere tiwiri.

Wamalonda anayamba kunamizira kapolo wake, koma woweruza wamkulu anam'dula pakamwa, nati za chinyengozo akamba naye dzuwa likapendeka. Kenako anafunsa mboni ngati mundawo unamiradi. Zinavomera.

"Lamulo la mfumu likuti Adad, mulungu wa mvula, akamiza munda wa wangongole, chaka chimenecho sabweza barele, salipiranso chiwongoladzanja. Anyowetse phale lake."

Ili-iddinam anagwada, manja akunjenjemera. Warad-Sin anam'dzutsa.

"Ngongole sinathe, bambo. Guru 2 zija zikudikira kukolola kwa chaka chamawa. Mukadzabweza, musachoke asanaliphwanye phaleli inu mukuona."

Anatuma mnyamata wake kukatenga madzi ndi dongo laliwisi, n'kuuza mboni zikhale pansi, zidindo zili m'manja.